Kulembera munthu amene amawerenga ndi khutu

Munthu wosaona akatsegula uthenga pa foni kapena pa kompyuta, amamuwerengera mokweza ndi pulogalamu. Mapulogalamu odziwika kwambiri ndi NVDA ndi JAWS pa Windows, VoiceOver pa zipangizo za Apple, komanso TalkBack pa mafoni a Android. Onsewa amayamba pamwamba n'kumatsika, chinthu chimodzi pambuyo pa chinzake. Inu woona mukakumana ndi mzere wa tinyenyezi, diso limangodutsa osazindikira n'komwe kuti ladutsa kanthu. Womvetsera alibe mwayi umenewo. Ayenera kudikira kuti mzerewo uthe, kapena audumphe asakudziwa ngati m'katimo munali nkhani.

Chizindikiro chilichonse chimene si chilembo wamba chimakumana ndi chimodzi mwa zinthu ziwiri: pulogalamu imatchula dzina lake lonse, kapena imachidumpha mwakachetechete. Inu wolemba simungadziwiretu kuti chichitike n'chiti, chifukwa zimatengera pulogalamuyo, mawu amene munthu anaikamo, ndi mmene iye anaitcherera. Mu NVDA muli milingo inayi ya katchulidwe ka zizindikiro, `none`, `some`, `most` ndi `all`, ndipo munthu amasintha mlingo posindikiza `NVDA+P`, pomwe batani la `NVDA` kawirikawiri ndi `Insert`. Ambiri powerenga nkhani sasankha `all`, poti kumva dzina la mpumiro uliwonse kumatopetsa. Ndiye chizindikiro chongokongoletsa chikhoza kusanduka phokoso, ndipo chizindikiro chonyamula tanthauzo chikhoza kusowa. Masitepe onse m'munsimu akuchokera pamenepa.

Tigwiritsa ntchito chilengezo chimodzi, cha mtundu umene anthu amatumizirana tsiku ndi tsiku, n'kuchikonza mzere ndi mzere.

```
✨✨✨ 𝐌𝐀𝐏𝐇𝐔𝐍𝐙𝐈𝐑𝐎 ✨✨✨
━━━━━━━━━━━━━━━━━━━━
📅 12-14 Juni >>> ⏰ 9:00
✅ Atsopano  ❌ Akale
L E M B E T S A N I 👇👇👇
```

## Sitepe yoyamba: bwezeretsani zilembo zenizeni

Yambani ndi mutu, chifukwa ndi pamene pali vuto lalikulu kuposa onse, komanso ndi limene silioneka ndi maso. Mawu akuti maphunziro pamwambapo akuoneka ngati olembedwa mokhuthala basi, koma zilembozo si M, A, P zimene zili pa kiyibodi yanu. Ndi zizindikiro za masamu. Mu Unicode, amene ndi mndandanda wa padziko lonse wopereka nambala kwa chilembo chilichonse, muli chigawo choyambira pa `U+1D400` kufika pa `U+1D7FF` chimene anachikonzera akatswiri a masamu, kuti A wokhuthala ndi A wopendekeka aziimira zinthu zosiyana m'mafomula. Timapulogalamu tokongoletsa mawu timangotenga zilembo zanu n'kuzisinthanitsa ndi zimenezi.

Kwa kompyuta, chilembo choyambacho dzina lake ndi `mathematical bold capital M`. Pulogalamu ikasankha kutchula mayina, chilembo chilichonse chimadya mawu anayi. Zilembo zilipo 10, choncho munthu amamva mawu 40 m'malo mwa liwu limodzi, ndipo ayenera kutola chilembo cha kumapeto kwa dzina lililonse n'kulumikiza yekha m'mutu. Ikasankha kudumpha, mutu wonse umasowa, ndipo amamva tsiku ndi nthawi osadziwa kuti n'za chiyani. N'zoona kuti mitundu yatsopano ya NVDA ili ndi njira yosandutsira zilembo zoterezi kukhala wamba, koma simungadalire zimenezo poti simudziwa chimene wowerenga wanu ali nacho.

Kuzigwira n'kosavuta. Koperani mawuwo n'kuwamata mu Notepad kapena pamalo ena alionse osalola kukongoletsa. Ngati kukhuthalako kunali kwenikweni, kuchoka ndipo patsala zilembo wamba. Ngati mawuwo akuonekabe okhuthala, opendekeka, ngati olemba pamanja, kapena asanduka timabokosi, dziwani kuti ndi zilembo zobwereka. Musayese kuzikonza. Fufutani n'kulembanso ndi kiyibodi. Yang'ananinso dzina lanu pa akaunti zimene mumatumizira mauthenga, chifukwa dzina limawerengedwa pamwamba pa uthenga uliwonse umene mwatumiza, ndipo likakhala la zilembo zoterezi vutolo limabwerezeka kosatha.

Mukafuna mawu okhuthala, gwiritsani ntchito batani la `Bold` kapena `<strong>` pa tsamba la intaneti. Zilembo zimakhalabe zenizeni. Koma kumbukirani kuti mapulogalamu ambiri salengeza kukhuthala, kupendekeka, kapena mzere wodula pakati pa mawu pokhapokha munthu atawauza kutero. Ngati mwasintha tsiku podula lakale ndi mzere n'kulemba latsopano pambali, womvetsera amva masiku awiri otsatizana osadziwa loona. Lembani kuti tsiku lasintha kuchoka pa lakuti kupita pa lakuti.

Mzere womaliza wa chilengezo chathu uli ndi vuto lachibale. Zilembo za L E M B E T S A N I ndi zenizeni, koma mipata ija ikuuza pulogalamu kuti awa ndi mawu khumi osiyana, ndiye imatchula chilembo chimodzichimodzi. Chotsani mipatayo. N'chimodzimodzi ndi hashitagi ya mawu ambiri: yambani liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, monga `#TsikuLaMaphunziro`, kuti pulogalamu idziwe polekanitsa.

## Sitepe yachiwiri: funsani chizindikiro chilichonse ntchito yake

Tsopano dutsani pa zizindikiro zotsala chimodzichimodzi, ndi funso limodzi: chikachoka ichi, uthenga usintha? Yankho likakhala ayi, chichoke. Likakhala inde, chisanduke mawu.

Tinyenyezi ta pamutu sitikunena kanthu. Imoji iliyonse ili ndi dzina lake lokhazikika, ndipo pulogalamu yoikidwa Chingelezi imatchula ✨ kuti `sparkles`. Kasanu ndi kamodzi, katatu kumayambiriro ndi katatu kumapeto. Mapulogalamu ena amaziphatikiza n'kungonena chiwerengero, ena amabwereza iliyonse. Zala zitatu zoloza pansi zija dzina lake ndi `backhand index pointing down`, mawu anayi pa chala chimodzi, khumi ndi awiri pa zonse, ndipo pamapeto pake sizimuuza munthu chimene chili pansipo. Zichoke, ndipo m'malo mwake munene kuti njira zolembetsera zili m'ndime yotsatira.

Mzere wolekanitsa uja wapangidwa ndi chizindikiro chimodzi chobwerezedwa ka 20, chochokera m'gulu la zizindikiro zojambulira mabokosi. Pa khutu ukhoza kukhala chete kapena kumveka ngati dzina lalitali. Pamene umapwetekadi ndi kwa amene amawerenga ndi zala. Chipangizo cha buleyilo cholumikiza ku kompyuta chimaonetsa mzere umodzi wokha pa nthawi, ndipo chofala kwambiri chili ndi malo a zilembo 40, pomwe zina zing'onozing'ono zili ndi 14 kapena 20. Zizindikiro 20 zadya kale theka la mzere wa malo 40, ndipo chizindikiro chimene mulibe m'tebulo la buleyilo chimatuluka ngati nambala yake ya khodi, imene imadya malo angapo pachokha. Munthu amasindikiza batani lopitira patsogolo kangapo asanapeze liwu. Ngati mukufunadi mzere wolekanitsa pa tsamba la intaneti, ikani `<hr>`, amene NVDA imangomutchula kamodzi kuti `separator`. Kawirikawiri mutu waung'ono umagwira ntchitoyo bwino kuposa mzere.

Mzere wachinayi ndi wosiyana, ndipo ndi umene uyenera kukudetsani nkhawa. Apa zizindikiro ndi zimene zanyamula uthenga wonse: atsopano abwere, akale asabwere. Zikadumphidwa, munthu amva kuti "Atsopano Akale" n'kuganiza kuti onse ndi oitanidwa. Zikatchulidwa, amva `check mark button` kenako `cross mark`, ndipo ayenera kulingalira ngati chizindikirocho n'cha mawu a kumbuyo kwake kapena a kutsogolo. Ngakhale liwu loti `button` likhoza kumusocheretsa, n'kumafunafuna batani loti asindikize. Lembani chiganizo chathunthu: maphunzirowa ndi a antchito atsopano okha.

Mzere wa tsiku ukufuna chisamaliro chomwecho. Kamzere ka pakati pa 12 ndi 14 nthawi zina sikatchulidwa, ndiye zimamveka ngati manambala awiri ongotsatizana, ndipo nthawi zina kamatchulidwa ngati kuchotsera. Lembani kuti kuyambira pa 12 mpaka pa 14 Juni. Tizizindikiro titatu ta `>>>` n'tamasamu, toimira kuposa, ndipo sititanthauza kuti "kenako" kwa aliyense koma diso. Chimodzimodzi `->`, `~` m'malo mwa "pafupifupi", ndi `/` m'malo mwa "kapena". Zonsezi zili ndi mawu ake achidule, ndipo mawuwo sadumphidwa.

Sitikunena kuti imoji ndi yoletsedwa. Anthu osaona nawonso amatumizirana, ndipo imodzi kumapeto kwa chiganizo imapereka kumwetulira kumene mumafuna. Malire abwino ndi awa: imodzi, kumapeto, chiganizo chitatha kale kunena zake. Isalowe m'malo mwa liwu, isakhale pakati pa mawu, ndipo isakhale kadontho koyambira mzere uliwonse. Dziwaninso dzina lake musanaitumize, poti nthawi zina dzinalo silifanana ndi zimene inu mukuona. Mwachitsanzo 🙏 ndi `folded hands`, kaya inu munafuna kunena zikomo, pepani kapena tipemphere.

Ngati mukulemba HTML ndipo chokongoletsa chiyenera kukhalapo, chibiseni kwa pulogalamu yowerenga:

```html
<h1><span aria-hidden="true">✨</span> Maphunziro</h1>
```

Musaike `aria-hidden` pa linki kapena batani. Munthu woyenda ndi kiyibodi amafikabe pamenepo, koma pulogalamu siimuuza chimene wafikira.

Pali zizindikiro zimene sizingachoke: za mu adiresi ya imelo, za m'malamulo a kompyuta, za m'mafomula. Izi zisiyeni momwe zilili, koma muziike pamzere pawokha kuti munthu athe kuyendamo chilembo ndi chilembo ndi mabatani a mivi. Pamene kulakwitsa kungawononge zinthu, nenaniko m'mawu, monga kuti `--help` ikuyamba ndi timizere tiwiri.

## Sitepe yachitatu: phwasulani mndandanda wa m'kati mwa mndandanda

Pansi pa chilengezo chija panali njira zolembetsera, zolembedwa motere:

```
- Kulembetsa
  - Pa intaneti
    - Zofunika
      - Chiphaso
      - Chithunzi
  - Ku ofesi
    - Zofunika
      - Chiphaso
```

Ndi maso izi n'zaudongo. Mumaona nthawi yomweyo kuti njira zilipo ziwiri, chifukwa "Pa intaneti" ndi "Ku ofesi" zaima pamzere umodzi woongoka. Khutu silimva kulowa m'kati kwa mizere. Chimene limamva ndi malengezo a pulogalamu. NVDA ikalowa mumndandanda imanena `list with 2 items`, ndipo ikatuluka imanena `out of list`. JAWS ndi VoiceOver ali ndi mawu awoawo, ndipo amatha kuwonjezera nambala ya msinkhu.

Werengani mindandanda imene ili m'chitsanzochi. Pamsinkhu woyamba pali umodzi, pawachiwiri umodzi, pawachitatu iwiri, pawachinayi iwiri. Yonse ndi 6, yonyamula mizere 8 yokha. Uliwonse ukalengezedwa polowa ndi potuluka, malengezo amafika 12, kuposa mizere ya nkhaniyo. Ndipo taonani chimene chimachitika munthu akachoka pa "Chithunzi" kupita pa "Ku ofesi". Amamva `out of list` kawiri motsatizana, kenako "Ku ofesi". Kuti amvetse kuti imeneyi ndi njira yachiwiri yolembetsera, osati chinthu chachitatu chofunika pa intaneti, ayenera kuti anali akuwerenga m'mutu kuti walowa kanayi, watuluka kawiri, ndiye ali pamsinkhu wachiwiri. Akachita phuma pang'ono, kapena wina akamulankhulitsa, amvetsa kuti polembetsa pa intaneti afunikanso kupita ku ofesi. Limeneli ndilo vuto lenileni la mindandanda yozama: imasenzetsa womvetsera ntchito yosunga mapu m'mutu, pamene maganizo ake amafunika akhale pa nkhani.

Pophwasula, yambani pamwamba. Msinkhu woyamba uli ndi chinthu chimodzi chokha, "Kulembetsa". Mndandanda wa chinthu chimodzi si mndandanda, ndi mutu umene wavala zolakwika, choncho upangeni mutu weniweni. Phindu lake ndi lalikulu, chifukwa anthu ogwiritsa ntchito mapulogalamuwa amayenda kwambiri ndi mitu. Mu NVDA ndi JAWS, batani la `H` limadumphira pamutu wotsatira pa tsamba la intaneti, ndipo manambala `1` mpaka `6` amadumphira pamutu wa msinkhu umenewo. Mu NVDA, `NVDA+F7` imatsegula bokosi momwe munthu angaone mitu yonse pamodzi. Mutu weniweni ndi umene mwasankha `Heading 2` mu Word, kapena mwalemba `##` mu Markdown, kapena `<h2>` mu HTML. Mzere umene mwangoukulitsa n'kuukhuthalitsa sulowa m'gulu limeneli, ndipo `H` amaupitirira. Mituyo itsike mwadongosolo, wachiwiri kenako wachitatu, osadumpha msinkhu pofuna kakulidwe ka zilembo.

Kenako sakani msinkhu umene sukuwonjezera kanthu. "Zofunika" yabwera kawiri, ndipo kawiri konse ili yokha mumndandanda wake. Ntchito yake ndi kungolengeza zimene zikubwera, ndipo zimenezo chiganizo chimatha. Pomaliza yang'anani msinkhu wa pansi penipeni. Ngati muli tinthu tiwiri kapena titatu tatifupi, tilowetseni m'chiganizo cha mzere wa pamwamba pake. Zotsatira zake ndi izi:

```
## Kulembetsa
Njira zilipo ziwiri. Sankhani imodzi.
- Pa intaneti: pakufunika chiphaso ndi chithunzi.
- Ku ofesi: pakufunika chiphaso chokha.
```

Mindandanda 6 yasanduka umodzi. Taonaninso kuti mawu akuti "sankhani imodzi" ndi "chokha" munalibe m'choyambacho. Wolemba ankadalira kaimidwe ka mizere kuti kanene zimenezo. Mukamaphwasula mudzapeza kawirikawiri kuti pali ganizo limene silinalembedwe n'komwe, ndipo kulilemba kumathandiza ndi oona omwe.

Ife timaika malire pa misinkhu iwiri: mndandanda waukulu, ndi waung'ono m'kati mwake pamene pakufunikadi. Ichi si chiwerengero cholembedwa m'malamulo. Malangizo a WCAG okonzera masamba a intaneti kuti anthu olumala azitha kuwagwiritsa ntchito, amene bungwe la W3C limasindikiza, sanena kuti mulekere pamsinkhu wakuti. Chimene amafuna pa mfundo 1.3.1 n'chakuti dongosolo limene likuoneka ndi maso lizidziwikanso kwa makina, kapena linenedwe m'mawu. Koma munthu amasunga misinkhu iwiri m'mutu mosavutika, ndipo kuyambira pawachitatu amayamba kubwerera m'mbuyo kukafufuza pamene ali. Mukagwiritsa ntchito msinkhu wachiwiri, mzere wa pamwamba unene chimene chikubwera ndi kuchuluka kwake, monga kuti pa sitepe iyi pali zosankha zitatu.

Nthawi zina mndandanda umakana kuphwasuka chifukwa si mndandanda n'komwe. Mukaona kuti pansi pa chinthu chilichonse mukubwereza mafunso omwewo, monga tsiku, malo ndi mphunzitsi pa phunziro lililonse, chimene muli nacho ndi tebulo. Pangani tebulo lenileni lokhala ndi mzere wa mitu pamwamba, osaphatikiza mabokosi, ndipo pulogalamu izitha kutchula mutu wa danga munthu akamayenda m'mbali. Musalijambule ndi mipata ndi timizere toimirira.

Chenjezo lina ndi la mindandanda yonamizira. Mukatayipa nokha kadontho kapena kamzere mu Word kapena mu imelo, n'kukankhira mzere m'kati ndi mipata, osagwiritsa ntchito batani la mndandanda, kompyuta imangoona ndime wamba. Palibe chilengezo cha kuchuluka kwa zinthu, batani la `L` lodumphira pamndandanda silipeza kanthu, ndipo mipata ya kumayambiriro kawirikawiri siitchulidwa, moti misinkhu yonse imamveka yofanana. Pa malo amene salola mitu kapena mindandanda yeniyeni, monga uthenga wa pa foni, dongosolo lonse liyenera kukhala m'mawu: nenani kuti zinthu zilipo zingati, yambani mzere uliwonse ndi nambala wamba, ndipo musalowetse kanthu m'kati. Olemba masamba a intaneti adziwenso kuti mu Safari, mndandanda umene mwauchotsa madontho ndi `list-style: none` VoiceOver ikhoza kusiya kuulengeza ngati mndandanda. Kuika `role="list"` kumaubwezeretsa.

## Sitepe yachinayi: mvetserani musanatumize

Simufunika kugula kanthu. NVDA ndi yaulere. Pa Windows palinso Narrator, amene amayaka ndi `Ctrl+Windows+Enter`. Pa Mac, `Command+F5` imayatsa ndi kuzimitsa VoiceOver. Pa foni, musanayatse TalkBack kapena VoiceOver phunzirani kaye kuzimitsa kwake, chifukwa zikayaka kagwiridwe ka sikirini kamasintha: kugunda kamodzi kumangosankha, ndipo kuti chinthu chitseguke mumagunda kawiri.

Mu NVDA mvetserani katatu. Ulendo woyamba sindikizani `NVDA+Down Arrow` pa kiyibodi ya kompyuta ya patebulo kuti iwerenge zonse, maso muli mutachotsa pa sikirini. Batani la `NVDA` kawirikawiri ndi `Insert`, ndipo `Ctrl` amaimitsa mawu. Ulendo wachiwiri ikani mlingo wa zizindikiro pa `none` n'kumvetsera ngati pali tanthauzo limene lasowa. Ulendo wachitatu uikeni pa `all` n'kumva pamene phokoso lachuluka. Kenako bwererani pamwamba n'kusindikiza `H` mobwerezabwereza. Mitu yokhayo iyenera kukupatsani chithunzi cha nkhani yonse. Ngati mawu a makina akukuvutani kumva, tsegulani `Speech Viewer` pansi pa `Tools`, imene imalemba pa sikirini chilichonse chimene NVDA yanena, ndipo mukhoza kuwerenga kuti `out of list` wabwera kangati motsatizana. Akabwera kawiri kapena kuposa, pamenepo pali msinkhu woti muphwasule.

Chilengezo chathu chikadutsa m'masitepe onsewa chimakhala chotere:

```
# Maphunziro a antchito atsopano
Adzachitika kuyambira pa 12 mpaka pa 14 Juni,
nthawi ya 9 koloko m'mawa.
Ndi a antchito atsopano okha.
Njira zolembetsera zili m'ndime yotsatira.
```

Mukachimvetsera pa `none` ndi pa `all`, kusiyana kwake ndi mayina a mipumiro basi. Tsiku, nthawi, oitanidwa ndi chochita zikumveka chimodzimodzi pa milingo yonse, ndipo kusindikiza `H` kukufikitsani pa mitu iwiri: maphunziro, kenako kulembetsa.